Mtsikana wa Chipewa Chofiira Akafika ku Dedza

Nthano ya mtsikana wa chipewa chofiira, yomwe Charles Perrault anailemba m'Chifalansa mu 1697, imavuta kufotokozera achinyamata a kuno chifukwa cha chilombo chake. Mmbulu wa ku Ulaya sitiudziwa. Fisi ndiye angalowe m'malo, koma fisi wa m'nthano zathu ndi wadyera ndiponso wopusa, pomwe chilombo cha Perrault n'chochenjera pakamwa. Choncho wofotokoza asankhe: kuopseza kapena kuseketsa.

Ine ndingasankhe kuseketsa. Mtsikanayo tim'tche Nabanda, atenge thobwa ndi zitumbuwa kupita nazo kwa agogo ake kuseri kwa phiri la Dedza. Fisi wafika kale, wafunda chitenje cha agogowo mpaka kumphuno. Tsoka lake, mwana wa kuno safunsa wamkulu za kukula kwa mano; amagwada n'kupereka moni. Fisi ayankhe bwanji osatulutsa mawu ake? Akungobuula, uku dovu likudontha ndi fungo la zitumbuwa.

Mathero a Perrault, pomwe mtsikanayo amadyedwa, sagwirizana ndi fisi wotereyu. Abale a Grimm mu 1812 anaikamo mlenje wopulumutsa. Ife sitikumufuna mlenjeyo: agogo anali kudambwe, ndipo akubwera ndi munsi m'manja.