Kanema wogona akaimirira, ndani atsale m'chithunzi?

Pa kanema wa ukwati amene mnzanga wina ananditumizira mwezi watha, mawu a ankhoswe ankamveka bwino, nthungululu nazo zinkamveka, koma mkwatibwi ankaoneka phewa lokha. Pakati pa chithunzi panali keke ndi khoma. Wojambulayo sanalakwitse pojambula. Kanemayo anajambulidwa mogona, monga wa pa wailesi ya kanema, ndipo anangodulidwa pakati kuti akwane pa WhatsApp Status ndi TikTok, kumene anthu amaonera foni ili chiimirire.

Chiyambi cha vutoli ndi masamu ochepa chabe. Makamera ambiri amajambula chithunzi cha timadontho 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali. Timadontho timeneti ndi tomwe akatswiri amati mapikiselo. Muyezo umenewu umalembedwa 16:9. TikTok, YouTube Shorts ndi Instagram Reels zimafuna 9:16, ndiye kuti 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali. Mukafuna kuti chithunzi chidzaze foni yonse, kutalika kwa 1080 kuja mumakusunga, koma m'lifupi mumangotsala ndi timadontho pafupifupi 608. Pa magawo atatu a chithunzi, awiri ndi kachidutswa atayika. Zili ngati kuonera gule kubwalo mutasuzumira pa chitseko chotsegula pang'ono: mumaona bwino amene ali moyang'anana nanu, ena onse mumangowamva.

Ndiye ntchito yonse yagona pa kusankha malo oika kazenera ka 608 kameneka, mphindi iliyonse ya kanema. Si ntchito yachilendo. Kale mafilimu otambalala a m'nyumba zoonetsera kanema akamaulutsidwa pa wailesi za kanema za 4:3, munthu ankakhala pansi n'kumayendetsa zenera kutsata osewera, ndipo opanga mafilimu ambiri ankadandaula kuti ntchito yawo ikudulidwa. Lero zenera lachepa kuposa pamenepo.

Tiyeni titenge chithunzi cha ukwati chija n'kuchiyeza kuchokera kumanzere. Tinene kuti nkhope ya mkwati ili pa 700, ya mkwatibwi pa 1150. Pakati pawo pali 450, choncho nkhope zonse ziwiri zikhoza kulowa. Koma kuchokera pa phewa lakunja la mkwati, pa 560, kufika pa la mkwatibwi, pa 1290, pali 730. Zenera laperewera ndi 122. Mukaliika pakati pa awiriwo, pa 925, lidzayambira pa 621, ndipo aliyense ataya kaphewa pang'ono. Zimenezo woonera amakhululuka, chifukwa maso ake amathamangira kunkhope. Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya ffmpeg angalembe motere:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf "crop=608:1080:621:0,scale=1080:1920" woimirira.mp4
```

Nambala yachitatuyo, 621, ndiyo ikunena poyambira zenera. Ikhoza kukhala pakati pa 0 ndi 1312. Yapakati penipeni ndi 656.

Tsopano ankhoswe aimirira kumanja, pa 1600, ndipo ayamba kupereka malangizo. Apa zenera silingatenge onse atatu, ngakhale mutalikankha bwanji. Ambiri amene angoyamba ntchitoyi amaliyendetsa uku ndi uku: ankhoswe akayankhula lapita kumanja, mkwatibwi akamwetulira labwerera, wina akaombera m'manja lapitanso. Woonera amachita chizungulire, ndipo amaseserezera chala m'mwamba kupita ku kanema wina. Ine ndimati dulani. Ankhoswe akayamba kuyankhula, dulani kanemayo, ikani zenera poyambira pa 1296 kuti iwo akhale pakati, lisasunthe mpaka amalize mfundo. Kenako dulaninso, mubwerere kwa akwati. Woonera amangoganiza kuti panali makamera awiri, ndipo mtima wake umakhala m'malo.

Kuyendetsa zenera kuli ndi nthawi yake, makamaka munthu akamayendadi, monga mkwatibwi polowa m'holo kapena wovina pa perekaniperekani. Apa mumagwiritsa ntchito timfundo tomwe okonza makanema amati makiyifulemu: mumauza pulogalamu kuti pa sekondi iyi zenera likhale apa, pa sekondi inayo likhale apo, iyo n'kudzaza ulendo wapakati. Timfundoti tikhale tochepa. Pa ulendo wa masekondi asanu, tiwiri kapena titatu takwana. Zenera liyambe kuyenda pang'onopang'ono ndi kuima pang'onopang'ono, ndipo lisiye kampata kutsogolo kwa woyendayo, kuti asaoneke ngati akukagunda mphuno pa khoma. Ngati munthuyo akungogwedezeka ali malo amodzi, monga mlaliki pa guwa, lisiyeni zeneralo. Kutsata kugwedezeka kulikonse kumachititsa khoma lakumbuyo kuoneka ngati likunjenjemera.

Mapulogalamu ambiri masiku ano amatha kuchita okha ntchitoyi. Adobe Premiere Pro inabweretsa Auto Reframe mu 2019, Final Cut Pro ili ndi Smart Conform, ndipo DaVinci Resolve yogula ili ndi Smart Reframe. Amafufuza nkhope ndi zinthu zoyenda. Munthu akakhala mmodzi pamalo owala, amathandizadi, ndipo nane ndimayambira pamenepo. Koma makinawo sadziwa mwini ukwati. Mwana akathamanga kudutsa kutsogolo kwa kamera, zenera likhoza kumutsata n'kusiya mkwatibwi akuvekedwa mphete. M'holo ya mdima, kapena pamene anthu makumi awiri akuvina ndalama zili m'manja, zenera limadumphadumpha. Mukamaliza, onerani kanema yense musanatumize, ndipo pomwe zenera lasokonekera fufutani timfundo ta makinawo muike tanu.

Nthawi zina palibe amene angachotsedwe. Pamene mabanja awiri akupatsana moni, kudula mbali imodzi n'kulakwira anthu. Njira yodziwika ndi kuika chithunzi chonse pakati pa foni, pamwamba ndi pansi n'kudzaza ndi chithunzi chomwecho chosaoneka bwino, koma anthu amachepa kwambiri chifukwa chithunzicho chimangotenga 608 pa 1920 ya kutalika. Ine ndimakonda kudula chithunzi cha mbali zofanana, 1080 ndi 1080. Mapewa aja a 730 amalowa onse, chithunzi sichikulitsidwa n'komwe, ndipo malo otsala amakhala olembapo mawu. Pa zokambirana za anthu awiri otalikirana, mukhozanso kuwasanjikiza, wina pamwamba wina pansi, aliyense 1080 ndi 960.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaonekera kanema atafika kale pafoni. Choyamba, mabatani a TikTok ali kumanja ndipo dzina ndi mawu a wotumiza zili m'munsi. Nkhope imene pa kompyuta inkaoneka bwino cha m'mphepete ikhoza kubisika. Ikani maso a munthu cha pa gawo loyamba la magawo atatu kuchokera pamwamba, ndipo yesani kaye pa foni yeniyeni. Chachiwiri, timadontho 608 tikakokedwa kufika 1080, chithunzi chakulitsidwa pafupifupi ka 1.8, ndipo mudzaona tsitsi ndi maluwa a pa chitenje zikufafanizika. Kanema wa 4K, wa 3840 ndi 2160, amapereka zenera la 1215 m'lifupi, loposa 1080 yofunikayo, choncho palibe chokulitsa.

Inu ojambula maukwati, makwaya ndi misonkhano, eni ntchito adzakupemphani tizidutswa ta pafoni. Ngati kamera yanu ilola, jambulani mu 4K, bwererani m'mbuyo pang'ono, ndipo pemphani akwati ayandikane musanayambe kujambula.