Luso la wokonza njinga limaonekera pa masipoko

Mukaima pa Kamuzu Road ku Salima m'mawa, muona njinga za kabaza zikudutsana, ina yanyamula mayi ndi mwana kumsana, ina matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 lililonse. Katundu yenseyu amatsamira pa wilo la kumbuyo, ndipo m'wilo limeneli ndi momwe muli ndalama ya amisiri okhala pansi pa mitengo m'mbali mwa msewu.

Zida zawo n'zochepa: masipanala angapo, pulayala, hamala, pampu, beseni la madzi loyesera chubu, ndi kakiyi kakang'ono komangira masipoko. Zonsezi zimakwana m'chikwama chimodzi. Kumata chubu aliyense amaphunzira msanga, bola adziwe kupala pamalo pobooka ndi kudikira guluu kuti aume kaye asanaike chigamba. Koma kuwongola wilo lopotoka n'komwe kumasiyanitsa mmisiri ndi munthu wongogwira sipanala.

Tiyerekeze kuti wakabaza wabwera akukankha njinga, wilo la kumbuyo likukhula mabuleki paliponse likazungulira. Mawilo ambiri amakhala ndi masipoko 36, theka ochokera kumanja kwa habu, theka kumanzere, ndipo limu imakhala pakati chifukwa mbali ziwirizi zimakokana mofanana. Sipoko imodzi ya kumanja ikaduka, ya kumanzere imatsala ikukoka yokha, limu n'kupendekera kumanzere pamalo amenewo. Choncho mmisiri wodziwa safulumira kumanga chilichonse. Amayamba wafinya masipoko awiriawiri ndi dzanja kuzungulira wilo lonse, kufuna yoduka ndi zina zokhwepa.

Nthawi zambiri yoduka imapezeka kumbali ya tcheni, ndipo imadukira pokhota paja, pamene imalowera mu habu. Apa ntchito imakula, pakuti sipoko yatsopano singalowe pokhapokha atachotsa filiwilo. Iyenera kukhala yotalika mofanana ndi zinzake, ndiponso idutse pamwamba ndi pansi pa zinzakezo monga momwe wilo linalukidwira. Akaimanga, amaikhwekhweza ndi chala ngati nsambo ya banjo. Ikalira motsika kuposa zinzake za mbali yomweyo, ndiye kuti sinamangike.

Kenako amagadabuza njinga, kubwezera wilo, ndi kulizungulitsa atagwira choko pafupi ndi limu. Pamene choko chalemba ndi pamene limu yatulukira. Ngati chalemba kumanzere, amamanga pang'ono masipoko awiri kapena atatu a kumanja pamalopo, n'kumasulako a kumanzere. Mawu oti pang'ono ndi enieni: kakiyi kaja sakazungulitsa n'komwe kamodzi kathunthu, amangokapotoza gawo limodzi mwa magawo anayi, n'kuyesanso. Wophunzira wopupuluma amamanga kwambiri malo amodzi, limu imaleka kupita uku ndi uku n'kuyamba kudumpha, ndipo wokwera pa kaliyala amazimva m'chiuno.

Pali kanthu kena komwe ambiri amaiwala. Sipoko ikatulukira kwambiri m'kati mwa limu, nsonga yake imaboola chubu. Iyenera kupalidwa ndi fayilo, ndipo kalamba ka mphira kophimba mitu ya masipoko kabwezedwe pamalo pake. Eni njinga angathe kudzionera okha. Bowo likakhala kumbali ya chubu yoyang'ana msewu, wolakwa ndi munga kapena msomali. Likakhala kumbali yoyang'ana limu, funsani amene anagwira masipoko. Mabowo awiri oyandikana amasonyeza kuti mpweya unali wochepa, limu inatsina chubu pogunda mwala.

Luso lomweli lili ndi polekezera. Ngati limu yapendekera kumanzere koma masipoko a kumanzereko ndi okhwepa kale pamene a kumanja ali gwa, chitsulo chenichenicho chinapindika, mwina m'dzenje la pamsewu, ndipo kakiyi sikangathandize. Chimodzimodzinso wilo limene masipoko ake akuduka motsatizana. Masipoko okhwepa amapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse wilo likazungulira ndi katundu, mpaka onse amatopa, ndiye kusintha imodziimodzi n'kutaya ndalama. Wilo lotere limafuna kuluka mwatsopano.

Kunena zimenezi kwa kasitomala n'kovuta, chifukwa wakabaza amafuna abwerere pamsewu tsiku lomwelo, ndipo ena njingayo si yawo, madzulo amakapereka ndalama kwa mwini wake. Amisiri ena amangomanga sipoko imodzi, kulandira kangachepe, akudziwa kuti munthuyo abweranso. Ine ndimaona kuti amadzipha okha, poti akabaza amauzana pa siteji dzina la mmisiri amene wilo lake limakhalitsa, ndipo onse amathamangira komweko.

Kwa mnyamata amene akufuna kuyamba ntchitoyi, kogula zida kungadikire. Apeze wilo lakale lotayidwa, amasule masipoko onse, alilukenso mpaka lizungulire osakhudza choko, ndipo atatero ndiye akapemphe malo pansi pa mtengo.