Lamulo la Taylor: Masamu a Chiwongoladzanja cha Banki Yaikulu

Lamulo la Taylor ndi njira yowerengera chiwongoladzanja chomwe banki yaikulu ya dziko iyenera kukhazikitsa. Analiyambitsa ndi John Taylor, katswiri wa zachuma pa yunivesite ya Stanford ku America, m'chaka cha 1993, ndipo anaonetsa kuti linkagwirizana kwambiri ndi zomwe banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, inkachita kuyambira 1987 mpaka 1992.

Lamuloli limayang'ana mipata iwiri. Woyamba ndi kusiyana kwa liwiro lomwe mitengo ya zinthu ikukwera nalo pachaka ndi mlingo womwe banki ikufuna. Wachiwiri ndi kusiyana kwa katundu ndi ntchito zomwe dziko likutulutsa ndi zomwe lingatulutse minda, mafakitale ndi antchito zikamagwira bwinobwino. Taylor analilemba chonchi:

```
r = p + 0.5y + 0.5(p - 2) + 2
```

Apa r ndi chiwongoladzanja, p ndi kukwera kwa mitengo, y ndi mpata wa zotulutsa, zonse mu maperesenti. Nambala 2 ya m'mabulaketi ndi mlingo wa kukwera kwa mitengo womwe banki ikufuna. Ya kumapetoyo ndi phindu lenileni lomwe wobwereketsa ndalama amatsala nalo chuma chikakhala pabata.

Mwachitsanzo, m'dziko lina mitengo ikukwera ndi 5 peresenti, pomwe zotulutsa zaperewera ndi 2 peresenti. Powerengera timayamba ndi 5 uja. Theka la kuperewera ndi 1, ndipo timamuchotsa, kutsala 4. Mitengo yapitirira mlingo ndi 3, theka lake ndi 1.5, tikaphatikiza ndi 5.5. Tikawonjezera 2 womaliza, chiwongoladzanja chikhala 7.5 peresenti.

Mitengo ikafika pa 6 peresenti, zina zonse osasintha, yankho limakhala 9. Mtima wa lamuloli uli pamenepa: mitengo yakwera ndi 1, koma chiwongoladzanja chakwera ndi 1.5. Chikanakwera ndi theka lokha, ngongole ikanatchipa, popeza wobwereka akanabweza ndalama zofooka mphamvu kuposa zomwe anatenga. Anthu akanathamangira kukabwereka, mitengo n'kukwererabe. Apa mtengo weniweni wa ngongole wachoka pa 2.5 kufika pa 3, ndipo izi ndizo zimaziziritsa msika.

Pofooka pa lamuloli ndi pa y. Zomwe dziko lingatulutse siziwerengeka ngati matumba m'nkhokwe. Zimayerekezedwa, ndipo ziwerengerozo zimakonzedwanso pakapita zaka. Katswiri wina, Athanasios Orphanides, anaonetsa kuti m'zaka za m'ma 1970 akuluakulu a ku America ankaona mpatawu ngati waukulu kuposa mmene unalili, zomwe zinachititsa kuti chiwongoladzanja chikhale chotsika kwambiri. Wolakwitsa y ndi 4 walakwitsa chiwongoladzanja ndi 2.

Vuto lina limadziwika bwino kumaiko odalira ulimi ngati Malawi. Chilala chimakweza mtengo wa chimanga kwinaku chikutsitsa zotulutsa, motero mipata iwiriyo imakokera kosiyana, ndipo kukweza chiwongoladzanja sikubweretsa chimanga pamsika. N'chifukwa chake mabanki aakulu amagwiritsa lamuloli ngati choyezera maganizo awo, osati cholamula chigamulo chawo.