Chikwangwani cha Oluka Tsitsi

Pamtengo wa mango pafupi ndi mjigo papachikidwa katoni yolembedwa ndi makala: “Timaluka tsitsi pano.” Amayi odzatunga madzi amawerenga, koma amabwerera ndi mafunso. Pano ndi pati? Mtengo wake ndi wotani?

Woluka wozindikira amayankha zimenezi pachikwangwani pomwepo. Amatchula malo odziwika, monga kuseri kwa chigayo, ndi masiku amene amapezeka pakhomo. Chachikulu, amanena ngati mtengowo ukuphatikiza meshi kapena kasitomala abwere ndi yake, chifukwa mkangano umabuka apa, mutu utalukidwa kale.

Katoni imafumbwa mvula yoyamba ya Novembala ikagwa. N'chifukwa chake ena amalemba ndi penti pathabwa, zilembo zazikulu zoti wokwera kabaza aziwerenge osatsika.