Kodi mumadziwa? Za mtima ndi mphika wa ndiwo

Kodi mumadziwa kuti mchere wa munthu wamkulu suyenera kufika magalamu 5 patsiku? Awa ndi malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Mlingowu ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo ndi wa tsiku lonse, kuphatikizapo mchere wobisala mu buledi, nsomba zothira mchere ndi timibulu tokometsera ndiwo. Ukachuluka, magazi amayamba kuthamanga kwambiri, matenda omwe ambiri timangoti bipi. Nsomba yamchere muyambe mwaiviika m'madzi, madziwo n'kutaya, ndipo pophika musathirenso wina musanalawe.

Kodi mumadziwa kuti soda wofewetsera therere ndi chigwada ndi m'bale wake wa mchere? Zonse ziwiri zili ndi sodiyamu, yemwe ndiye amakweza bipi. Choncho amene wachepetsa mchere koma soda akuthirabe modzaza dzanja sanapite patali. Soda amaononganso mavitamini ena a m'masamba. Nkhwani zanthete, bonongwe ndi kholowa zimapsa zokha popanda iye.

Nanga zoti usipa ndi matemba zili ndi mafuta a omega-3, othandiza mtima? Akatswiri amalangiza kudya nsomba kawiri pamlungu, ndipo sikuti mpaka chikhale chambo. Nkhani yagona pa kaphikidwe. Usipa wouma umamwa mafuta ambiri ukakazingidwa mpaka kuti gwa. Utsukeni, muuphike ndi tomato, anyezi, madzi pang'ono ndi supuni imodzi kapena ziwiri za mafuta pa mphika wa banja lonse. Msuzi wake ana amanyambita mbale.

Kodi mumadziwa kuti mafuta amaonongeka akamatenthetsedwa mobwerezabwereza? Mudzawazindikira: amada, amachita thovu, amanata, ndipo amafuka utsi asanatenthe n'komwe. Kunena zoona tchipisi cha pachiwaya chimakoma, koma muzisuzumirako kaye m'chiwayamo.

Kodi mumadziwa kuti nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zimathandiza kutsitsa mafuta oipa a m'magazi? Zili ndi ulusi wina umene umasungunuka m'mimba n'kukola ena mwa mafutawa kuti atuluke ndi chimbudzi. Mukaviika nyemba usiku wonse n'kutaya madziwo, zimapsa msanga, makala amapulumuka, ndipo mpweya wa m'mimba umachepako.

Ndiwo zotendera nazo n'zabwino, pakuti mafuta a mtedza saipira mtima ngati a nyama yonona. Mukathira nsinjiro, ophikira musaonjezerenso. Koma mtedza wofota kapena wachuku muutaye musanasinje, chifukwa uli ndi poizoni woononga chiwindi.

Masamba ndi zipatso, WHO imati magalamu 400 patsiku, ndiye kuti masamba asamakhale kandiwo kongopakira nsima. Odwala impso okha ayambe afunsa kuchipatala, chifukwa masamba, nyemba ndi nthochi zili ndi potaziyamu wambiri, amene impso zofooka zimalephera kumutulutsa.