Maola a ntchito akasintha pa Boma la Lundazi: amalamula ndani, ndipo uthenga uyende bwanji?

Maofesi a boma m'Zambia amatsegula 08:00, amapumira nkhomaliro kuyambira 13:00 mpaka 14:00, ndipo amatseka 17:00, Lolemba mpaka Lachisanu. Anthu a ku Lundazi maola amenewa anawazolowera, moti mlimi wa kwa Mwase kapena kwa Kapichila amadziwa nthawi yonyamukira pa njinga kuti akapeze ofesi ili yotsegula. Ndiye maolawo akati asinthe, ngakhale ndi theka la ola, amene wapatsidwa udindo wouza anzake ayenera kudziwa kaye kumene mphamvu yosinthayo yachokera.

M'boma, mkulu wa dipatimenti pa Boma sangadzuke m'mawa n'kusintha maola a ofesi yake. Lamulo lokhudza ogwira ntchito m'boma onse limachokera ku Lusaka, m'kalata yozungulira imene amaitcha sekyula, yosainidwa ndi Mlembi wa Kabineti. Kalatayo imafika kwa mlembi wamkulu wa chigawo cha Kum'mawa ku Chipata, kenako kwa bwana Disi, amene amaipereka kwa akuluakulu a madipatimenti. Umu ndi m'mene zinayendera nthawi ya matenda a kolona, pamene ena ogwira ntchito m'boma anauzidwa kuti azibwera mosinthanasinthana. Khonsolo ili ndi mzere wake: ogwira ntchito kumeneko amamva kuchokera kwa mkulu woyendetsa khonsoloyo. Choncho kalata iliyonse yolengeza kusintha itchule nambala ndi tsiku la sekyula imene ikutsatira. Popanda zimenezo anthu amayamba kunong'onezana kuti ndi maganizo a bwana chabe, ndipo ena amangodikira kuti aone ngati zipitirire.

Ku kampani, ku kopaletivu ndi ku mabungwe omwe si aboma, mwini ntchito ali ndi ufulu wokulirapo, koma ali ndi malire. Lamulo la ntchito la nambala 3 la chaka cha 2019 limati tsiku la ntchito ndi maola 8, ndipo wogwira ntchito akapitirira maola 48 pa sabata alipidwe ovataimu, ola lililonse kamodzi ndi theka. Pa holide ya boma kapena pa tsiku lake lopuma malipirowo amawirikiza kawiri. Kwa mlonda malirewo ndi maola 60. Lamulo lomweli limafuna kuti zimene zili m'kontirakiti yolembedwa zikasintha, pakhale kugwirizana ndi wogwira ntchitoyo, ndipo apatsidwe kope la kontirakiti yokonzedwanso. Pamene pali yuniyoni, atsogoleri ake amve nkhaniyi isanakhomedwe pa bolodi.

Tiyerekeze ndi ofesi ya kampani yogula soya, mpendadzuwa ndi thonje pa Boma. Nthawi zonse amagwira 08:00 mpaka 17:00, kuchotsapo ola la nkhomaliro: maola 8 pa tsiku, maola 40 pa sabata. Nyengo yogula mbewu yafika, alimi akumafika mochedwa ndi ngolo, ndipo manijala akufuna kuti ofesi izitsegulanso Loweruka 08:00 mpaka 13:00. Maola akwana 45, ndiye malire a 48 sanadumphidwe, ngakhale kuti ngati kontirakiti imanena masiku asanu okha ayenera kukhala pansi ndi antchito ake kaye. Tsopano manijala yemweyo akaganiza zoti mkati mwa sabata azitsekanso 18:00, masamu asintha: maola 9 kuchulukitsa ndi masiku 5 ndi 45, kuphatikiza 5 a Loweruka ndi 50. Maola awiri opitirira 48 amenewo ndi a ovataimu. Kalaliki amene ola lake ndi K20 ayenera kulandira K30 pa lililonse la maola awiriwo, kutanthauza K60 pa sabata. Ineyo ndimaona kuti masamu amenewa ndiwo amabweretsa bata kuposa mawu okoma alionse. Munthu akamva kuti maola achuluka, funso loyamba mumtima mwake ndi la malipiro, ndipo kalata ikapanda kuliyankha aliyense amadziyankha yekha moipitsa.

Kalata yakeyo isatalike. Ikhoza kumveka chonchi:

"Kwa ogwira ntchito nonse. Kuyambira Lolemba pa 1 Juni mpaka pa 31 Ogasiti, ofesi izitsegula 08:00 n'kutseka 18:00 Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo Loweruka 08:00 mpaka 13:00. Nkhomaliro ikhalabe 13:00 mpaka 14:00. Tachita izi chifukwa alimi ambiri akufika madzulo m'nyengo ino yogula mbewu. Monga tinagwirizanirana pa msonkhano wathu, maola awiri opitirira 48 pa sabata alipidwa ngati ovataimu pamodzi ndi malipiro a mwezi. Alonda maola awo sakusintha. Amene kusinthaku kukumuvuta aonane ndi manijala lisanafike Lachisanu likudzali. Pa 1 Seputembala tibwerera ku maola akale."

Taonani kuti tsiku loyambira ndi maola atsopano zili m'chiganizo choyambirira. Makalata ambiri a m'maofesi amayamba ndi ndime yonse yothokoza antchito chifukwa cha khama lawo, ndipo wowerenga amafika pa mfundo mtima ukugunda kale, akuganiza kuti mwina kukubwera kuchotsa anthu ntchito. Chifukwa chake chaperekedwa m'chiganizo chimodzi choona. Kalatayo yanenanso zimene sizikusintha, ndi tsiku lothera. Kusintha kongoti "mpaka mutauzidwanso" kumasowetsa anthu mtendere, poti mayi sangadziwe kuti apangane motani ndi womusungira mwana, ndipo wokhala kutali ndi Boma sangadziwe kuti adzakhala akupalasa njinga mumdima kwa miyezi ingati. Mawu oopseza, oti wochedwa aona zakuda, asalowemo. Malamulo a chilango alipo kale ndipo ali ndi malo ake.

Pali anthu amene kusintha kotere kumawagwera mosiyana ndi anzawo, ndipo ndi bwino kulankhula nawo paokha kalata isanatuluke. Mayi woyamwitsa mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ali ndi ufulu wa ola limodzi pa tsiku, kapena kawiri mphindi 30, ndipo maola atsopano sachotsa ufulu umenewo. Wopembedza tsiku la Sabata nkhani ya Loweruka imukhudza kwambiri, ndiye pafunika kumvana naye mwaulemu.

Pamene zinthu zimasokonekera kawirikawiri ndi pofikitsa uthenga. Kalata imalembedwa m'Chingerezi, imaponyedwa pa gulu la Watsapu usiku, ndipo bwana amati onse amva. Koma wosesa, amene amafika anzake onse asanafike, mwina alibe foni ya intaneti. Dalaivala ali m'njira ya ku Chipata. Wina ali pa tchuthi kumudzi kumene netiweki imavuta. Njira yodalirika ndi kuitanitsa kamsonkhano kakafupi m'mawa, kuwerenga kalatayo, n'kuimasulira m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, pakuti ku Lundazi zilankhulo zonse ziwirizi n'zapakhomo. Kenako kope likhomedwe pa bolodi, ndipo aliyense asaine pa pepala kuti waona. Mayina amene alibe siginecha ndiwo akusonyezani oti muwaimbire foni. Apatseni anthu sabata yathunthu, kapena ziwiri ngati n'kotheka, tsiku loyambira lisanafike.

Otsiriza kukumbukiridwa amakhala anthu odzafuna thandizo. Maola atsopano alembedwe ndi zilembo zazikulu pa chitseko chakunja, ndipo ngati ofesiyo imathandiza anthu a m'midzi, chilengezo chipite ku wailesi ya Chikaya ndi kwa mafumu, kuti munthu wochokera kutali adziwe asananyamuke kuti Loweruka apeza potsegula kapena ayi.