Zithunzi Zisamuke Zokha Kuchoka M'foni Kupita M'kompyuta ya Kunyumba

Foni ikabedwa m'minibasi kapena ikagwera m'ndowa ya madzi, simukhadi imabwezedwa tsiku lomwelo ndipo foni ina imagulika. Chosabwerera ndi zomwe zinali m'katimo: zithunzi za chinkhoswe, kanema wa mwana akuyamba kuyenda, malisiti a sukulu fizi, satifiketi imene munthu anaijambula pofunsira ntchito. Ambiri amadziwa kuti ayenera kumakopera zinthuzi pa kompyuta, ndipo amakoperadi kamodzi kapena kawiri. Kenako chingwe chimasowa, ntchito imachuluka, miyezi n'kumapita. Njira yodalirika ndi imene siidalira kuti mwini foni akumbukire.

Kusunga pa intaneti kulipo, koma kuli ndi malire ake. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, omwe amagawidwa pakati pa Gmail, Google Drive ndi Google Photos, ndipo kuyambira pa 1 Juni 2021 zithunzi zatsopano zonse zimadya nawo malowa. Apple imapereka 5 GB pa iCloud. Kwa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amene amawerengetsera bandulo, palinso vuto lina: chithunzi chilichonse chokwera pa intaneti chimalipiridwa. Chonsecho kompyuta ili pa thebulo m'nyumba momwemo, disiki yake ili mbee.

Pulogalamu imene imagwira bwino ntchitoyi ndi Syncthing. Anaiyambitsa ndi katswiri wa ku Sweden, Jakob Borg, m'chaka cha 2013, ndipo ndi yaulere. Ilibe malo akeake osungirako zinthu za anthu. Imangoonetsetsa kuti foda ya pa foni ikufanana ndi foda ya pa kompyuta, ndipo mafayilo amayenda kuchoka pa chipangizo china kupita pa chinzake ali otsekeredwa mwachinsinsi. Zipangizo ziwirizi zikakhala pa wayifayi imodzi, mafayilo amangodutsa pa rauta ya m'nyumbamo osatuluka kunja. Ngakhale bandulo ya pa rautayo itatha, ntchito imayendabe.

Tiyerekeze mayi wina wosoka zovala amene amajambula diresi iliyonse asanapereke kwa mwiniwake. M'foni yake ya Android muli zithunzi 3,000, chilichonse cha pafupifupi 3 MB, kutanthauza 9 GB, kuphatikizapo foda ya zikalata. Kunyumba ali ndi laputopu ya Windows komanso rauta.

Amayambira pa laputopu. Akaika Syncthing, pulogalamuyi imatsegukira m'burawuza pa adiresi ya `127.0.0.1:8384`, imene ndi ya kompyuta yomweyo, osati ya pa intaneti. Windows imafunsa ngati iilole kulankhulana ndi zipangizo zina, ndipo yankho ndi kulola. Wayifayi ya kunyumba iyenera kulembedwa ngati `Private`, chifukwa ikakhala `Public`, Windows imatha kutsekereza foni kuti isafike. Pulogalamuyi iyeneranso kumadziyatsa yokha laputopu ikayatsidwa. Njira yapafupi ndi kutsegula foda ya `shell:startup` n'kuikamo chidule cholozera ku Syncthing.

Pa foni pali chinthu choti munthu adziwe asanayambe kusaka. Pulogalamu ya Syncthing ya Android yochokera kwa eni ake inasiya kukonzedwa mu Disembala 2024. Imene anthu akugwiritsa ntchito ndi Syncthing-Fork, yomwe imapezeka pa F-Droid. Chipangizo chilichonse chimakhala ndi nambala yakeyake yaitali, `Device ID`, imene imaonetsedwanso ngati chizindikiro cha QR. Mayi uja amajambula chizindikiro cha pa laputopu ndi foni yake, laputopu imafunsa ngati akuidziwa foniyo, iye amavomera. Kudziwitsana kumeneku kumachitika kamodzi kokha.

Kenako amasankha mafoda. Zithunzi za kamera zimakhala mu `DCIM`, zikalata mu `Documents` ndi `Download`. Zobwera pa WhatsApp zili kwina: m'mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo zimakhala mu `Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media`. Apa ndi bwino kusankha mosamala. Foda ya `WhatsApp Documents` imakhala ndi zinthu zofunika, koma ya makanema imadzaza ndi nthabwala ndi maulaliki a m'magulu, zimene zingadye disiki pachabe. Pa foni foda iliyonse aiike kukhala `Send Only`, yongotumiza, ndipo pa laputopu ikhale `Receive Only`, yongolandira. Akatero, mwana akafufuta chithunzi pa laputopu, cha m'foni sichikhudzidwa.

Nanga nthawi yake? Syncthing-Fork ili ndi gawo lotchedwa `Run Conditions`, pomwe mwini foni amaika malamulo a nthawi yogwirira ntchito. Malamulo awiri ndi okwanira: izigwira ntchito pa wayifayi ya kunyumba yokha, yotchulidwa dzina, komanso pokhapokha foni ili pa tchaja. Chilolezo chogwiritsa ntchito data ya m'foni chikhale chozimitsa. Ndandanda yotere imaposa yotchula ola, chifukwa ola limatha kukwana magetsi atazima kapena mwini foni ali ku maliro kumudzi. Lamulo la tchaja ndi wayifayi limangodikira mpaka zonse zitakumana. Mayi uja akafika madzulo n'kubaya foni pa tchaja laputopu ili choyaka, zithunzi zimayamba kuyenda iye akukonza ndiwo.

Ulendo woyamba ndi wautaliko. Ngati wayifayi ikunyamula 5 MB pa sekondi, 9 GB ija imatenga pafupifupi theka la ola. Masiku otsatira pamayenda zatsopano zokha: zithunzi 20 za tsiku limodzi ndi 60 MB, zomwe sizitha ndi mphindi imodzi yomwe. Magetsi akathima pakati pa ntchito, pulogalamuyi imadzapitiriza pamene inalekera.

Tsopano pali msampha umene umagwira anthu ambiri, ndipo ndi pomwe pagona nkhani yonse. Syncthing ili ngati kalilole: chimene chachoka pamaso pake chimachokanso m'kati mwake. Foni ya mayi uja ikadzaza, iye n'kufufuta zithunzi 1,000 zakale poganiza kuti zili kale pa laputopu, usiku womwewo pulogalamuyi imauza laputopu kuti zithunzizo zachotsedwa, ndipo nayo imazichotsa. Kuika foda pa `Send Only` sikuletsa zimenezi, chifukwa kufufuta nakonso ndi uthenga umene foni imatumiza.

Chitetezo choyamba chili mu Syncthing momwemo. Pa laputopu, m'makonzedwe a foda iliyonse, pali `File Versioning`. Akasankha `Trash Can File Versioning` n'kusiya masiku ake pa 0, fayilo imene yafufutidwa pa foni siitayidwa, koma imasamutsidwira m'foda yobisika ya `.stversions` ndipo imakhala momwemo mpaka mwini wake adzaichotse. Zimenezi ziyenera kukonzedwa tsiku loyamba lomwelo, foni isanafufutidwe kanthu.

Chitetezo chachiwiri ndi disiki yapadera yolumikiza pa laputopu, chifukwa laputopu nayo imafa, imabedwa, imapsa magetsi akabwera mwamphamvu. Windows ili kale ndi chida chokopera chotchedwa `robocopy`. Mzere umodzi wokha, wosungidwa m'fayilo monga `sunga.bat`, ndi wokwanira:

```
robocopy "C:\Foni" "E:\Zosunga" /E /XO /R:2 /W:5 /LOG:"%USERPROFILE%\Foni-lipoti.txt"
```

Apa `C:\Foni` ndi foda imene Syncthing imathiramo zinthu, ndipo `E:` ndi disiki yapadera ija. `/E` imatenga mafoda onse a m'kati, `/XO` imaletsa fayilo yakale kuphimba yatsopano. `/R:2` ndi `/W:5` zimati fayilo ikakana, ayesenso kawiri kokha podikira masekondi asanu, chifukwa popanda zimenezi `robocopy` imayesa mpaka ka 1 miliyoni ndipo ntchito imaima pa fayilo imodzi. Chachikulu n'chakuti lamuloli limangowonjezera, silichotsa kanthu. Wina akalangiza kuikapo `/MIR`, mayi uja akane, chifukwa imeneyo imafufuta pa disiki chilichonse chimene chasowa pa laputopu.

Woyendetsa lamuloli pa nthawi yake ndi `Task Scheduler` ya Windows. Amapanga ntchito yatsopano, n'kusankha kuti izichitika tsiku lililonse 8 koloko usiku, n'kuloza fayilo ya `sunga.bat` ija. Pali kabokosi kamodzi kamene sikayenera kuiwalika, kolembedwa `Run task as soon as possible after a scheduled start is missed`. Kameneka kamachititsa kuti ngati 8 koloko inakwana laputopu ili chozima, ntchitoyo ichitike ikangoyatsidwa. Pa laputopu palinso lamulo limene limabwera lotchongedwa kale, loti ntchito iyambe pokhapokha kompyuta ili pa magetsi. Wofuna kuti izichitikanso pa batire alichotse.

Makonzedwe otere akawonongeka, sachita phokoso, n'chifukwa chake zizindikiro zake n'zofunika kuzidziwa. Pa tsamba la Syncthing, foda imene ili bwino imalembedwa `Up to Date`. Foni ikalembedwa `Disconnected`, pansi pake pamakhala `Last seen`, tsiku limene ziwirizi zinaonana komaliza. Tsikulo likakhala la masabata apitawo, kawirikawiri wolakwa ndi foni: mafoni ambiri a Android, kuphatikizapo a Tecno, Itel ndi Infinix omwe ali mbwee m'misika yathu, amazimitsa mapulogalamu ogwira ntchito mobisika pofuna kusunga batire. Mankhwala ake ndi kulowa m'makonzedwe a batire n'kuipatula Syncthing-Fork kuti isamazimitsidwe. Pakalembedwa `folder marker missing`, ndiye kuti pulogalamu ina yosesa foni yachotsa kafoda kobisika ka `.stfolder`, ndipo Syncthing yaima dala poopa kuti foda yonse yasowa. Kafodako kakabwezeretsedwa, ntchito imayambanso.

Zinthu zikamayenda mwa kamba, aone `Connection Type`. `TCP LAN` ikutanthauza kuti mafayilo akudutsa m'nyumba momwemo. Mawu akuti `Relay` akutanthauza kuti akuzungulira pa intaneti ndipo akudya bandulo. Kuzimitsa `Enable Relaying` kumatseka njira imeneyo. Disiki yapadera nayo imatha kusintha chilembo, kuchoka pa `E:` kupita pa `F:`, munthu akabayapo fulashi ina, ndipo `robocopy` imalephera. Fayilo ya lipoti ija imaonetsa tsiku ndi kuchuluka kwa zimene zakopedwa.

Eni iPhone zinthu sizili zofewa chimodzimodzi, chifukwa Apple siilola mapulogalamu kugwira ntchito mobisika kwa nthawi yaitali. Pali Möbius Sync imene imalankhulana ndi Syncthing, komanso PhotoSync yotumiza zithunzi pa wayifayi, koma n'kwanzeru kumatsegula pulogalamuyo mwa apo ndi apo kuti imalize ntchito.

Ndipo malire ena ndi oonekeratu. Chithunzi chojambulidwa m'mawa, foni n'kubedwa masana, sichinafike kunyumba. Mauthenga a WhatsApp enieniwo ndi manambala a anthu ali ndi njira zawozawo zosungira. Laputopu ndi disiki zikakhala m'chikwama chimodzi, wakuba amatenga zonse, choncho zithunzi zosabwezereka ndi bwino kuzikoperanso pa disiki ina yosungidwa kwa m'bale.

Amene wakonza zonsezi ayese lero lomwe: ajambule chithunzi chachabechabe, abaye foni pa tchaja, achione pa laputopu, achifufute m'foni, kenako akachipeze mu `.stversions`. Kamodzi pa mwezi atsegule disiki yapadera ija, ayang'ane ngati chithunzi cha dzulo chilimo ndiponso ngati chikutseguka.